Mutu umodzi susenza denga, koma ena amangokhudza udzu

Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankanena zomwe ankaziona. Denga la nkhokwe limamangidwa pansi, likatha mwini wake amamema anthu kuti alikweze. Chomwe sanatiuze n'chakuti pa anthu khumi obwerawo, osenza ndi atatu. Enawo amangokhudza udzu ndi chala, koma pobuula ndiwo amamveka mpaka kudambo.

Kuofesi n'chimodzimodzi. Mayi woona za antchito alemba ndondomeko yatsopano ya tchuthi, masamba 14, n'kuitumiza pa imelo: "Chonde perekani ndemanga posachedwa." Posachedwa ndi liti? Kwa akauntanti ndi akatseka mabuku a mwezi. Kwa dalaivala ndi akabwerako ku Nsanje. Woyamba kuyankha alemba kuti "Ndaona, zikomo," ngati wapatsidwa moni. Wachiwiri akonza mipumiro iwiri patsamba loyamba, umboni woti tsamba lachiwiri sanalitsegule. Ndiye bwana wamkulu ayankha kwa onse kuti "Zili bwino kwambiri," basi nkhani yafera pomwepo. Ndani angaone chilema pamene bwana aona kukongola? Bwana azilankhula pomaliza.

Osenza denga amawauza pogwira, ndipo wina amawerenga kuti onse anyamule pamodzi. Pempho la ndemanga lizitero. Tsiku litchulidwe ndi ola lomwe: Lachinayi pa 12, isanakwane 4 koloko madzulo. Lachisanu ayi, mitima imakhala itapita kale kumudzi. Kenaka muwauze pomwe sayenera kutayapo nthawi. Lamulo la ntchito la 2000 limati wogwira masiku asanu pa sabata apume masiku osachepera 15 pachaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi apume 18. Kutsitsa pamenepo sikutheka, ngakhale akauntanti atalira bwanji.

Zokambirana zili pandime 6 ndi 9, ndipo mufunse mosazungulira. Kodi masiku otsala munthu aziwoloka nawo chaka, ndipo angati? Kodi tchuthi azipempha kutatsala masabata angati? Funso lotere ngakhale mlonda aliyankha, bola wina amusindikizire pepala, pakuti imelo alibe. Ndipo iyeyo ndiye angakuuzeni kuti ndime 9 yaiwala ogwira usiku.

Onse alembe mufayilo imodzi, apo ayi mudzatolera zisanu, iliyonse ikudzitcha yomaliza. Kutatsala masiku awiri akumbutseni, ndipo munene poyera kuti wokhala chete wavomereza. Tsiku likadutsa, bwezani yankho: ganizo ili talitenga, ili talisiya pa chifukwa chakuti. Mukapanda kutero, ulendo wina ngakhale atatu aja sabwera.

Koma konzekani. Disembala ikafika, bambo uja wa "Ndaona, zikomo" adzauzidwa kuti masiku ake asanu ndi atatu apsa, ndipo adzalowa muofesi osagogoda, kufunsa kuti zimenezi anagwirizana ndani komanso bwanji iye sanafunsidwe.