Musanayankhe moni, yang'anani zingwe

Makolo anatiphunzitsa kuyang'ana pansi tikamalankhula ndi akuluakulu, ndipo timati umenewo ndi ulemu. Ku Mangalande nakonso anthu a masuti amayang'ana pansi, koma iwo amakhala akuwerenga nsapato zanu kuti adziwe mpando woti akupatseni. Popeza nsapato zawo zomwezo akatopa nazo zimalowa m'mabelo n'kudzayalidwa pa kaunjika ku Limbe ndi ku Lilongwe, si bwino kuti tizingolandira nsapato n'kusiya mwano wake kutsidya la nyanja. Aliyense wofuna kunyoza anzake mwadongosolo aphunzire lamulo limodzi ili, lomwe ndi lozondoka: nsapato ikachuluka zokongoletsa, udindo wake umatsika. Imene ikuoneka ngati mmisiri anaiwala kuimaliza, ndiye bwana wamkulu. Imene yadzaza timabowo ndi mizere ngati keke ya ukwati, ndi wantchito wa kumunda amene wangosamba.

Yambani ndi zingwe, chifukwa mtundu wa nsapato uli pamenepo. Zingwe zimadutsa m'zikopa ziwiri zokhala ngati makutu, ndipo funso ndi lakuti makutuwo anasokedwa bwanji kumunsi, kumene amakumana ndi chikopa chophimba zala. Ngati analowetsedwa pansi pa chikopacho n'kusokeredwa momwemo, moti mukamasula zingwe amangotseguka pang'ono kumtunda ngati chilembo cha V koma kumunsi ali chigwirire, imeneyo ndi okisifodi. Ngati anasokedwa pamwamba pake, moti mukamasula zingwe amatambasuka onse ngati zitseko za shopu m'mawa, imeneyo ndi dabi. Palibenso china. Mtundu wa chikopa sulowapo, mtengo sulowapo, ngakhale lumbiro la wogulitsa sililowapo. Okisifodi inatenga dzina ku yunivesite ya Oxford, kumene ophunzira a m'zaka za m'ma 1800 anatopa ndi nsapato zazitali zofika m'miyendo, ndipo mpaka lero imayenda ngati munthu wa digiri, pakamwa chitsekere. Dabi ili ndi m'bale wake amene Aamereka amamutcha dzina la Blücher, mkulu wa asilikali wa ku Prussia uja anathandiza kugonjetsa Napoleon ku Waterloo mu 1815. Akuti ankafuna nsapato yoti asilikali ake azivala msanga. Choncho mukaona mlamu wanu wabwera ku chinkhoswe atavala dabi, mupukuse mutu pang'onopang'ono, mumufunse kuti nkhondo ili kuti.

Wina anena kuti kusiyana kumeneku n'kwa anthu osowa chochita, poti msoko umodzi sungasinthe munthu. Wonenayo sanavalepo okisifodi yosamukwana. Chifukwa makutu ake ndi omangika kumunsi, okisifodi siimva pempho. Phazi likakhala lotumbuka pamwamba, kapena likatupa ndi kutentha kwa Okutobala, V uja amayasama, lilime limaonekera lonse, ndipo mwini wake amayamba kuyenda ngati waponda minga. Pa okisifodi yokwana bwino makutu aja amatsala pang'ono kukhudzana. Mpata ukakula moti chala chachikulu n'kugonamo, dziwani kuti nsapatoyo inapangidwira phazi la munthu wina. Dabi imalandira phazi lililonse, lalikulu ndi lotupa lomwe, ndipo n'chifukwa chake amaipeputsa, monga mmene timapeputsira munthu amene sakana mlendo. Malangizo athu ndi akuti ngati mukufuna ulemu gulani okisifodi, ndipo pa mwambo uliwonse mufike msanga kuti mupeze pokhala.

Tsopano timabowo, pamene ambiri amagwera m'mbuna. Bulogi si mtundu wachitatu woima pawokha. Ndi chokongoletsa, timabowo tija ndi m'mphepete mochekedwa ngati mano a sowo, ndipo chimatha kuikidwa pa okisifodi kapena pa dabi. Kufunsa kuti iyi ndi okisifodi kapena bulogi kuli ngati kufunsa kuti mayi awa ndi aphunzitsi kapena ndi omanga mpango. Filimu ya Kingsman inasokoneza anthu ambiri posiyanitsa ziwirizi ngati adani, koma mmisiri aliyense wa ku Northampton, tauni ya nsapato ya ku Mangalande, amasoka okisifodi ya timabowo asanamwe tiyi. Liwulo linachokera ku chinenero cha anthu a ku Ayalandi ndi ku Sikotilandi, kumene limangotanthauza nsapato. Eni ake oyamba anali alimi oyenda m'madambo, ndipo nkhani yomwe imafotokozedwa ndi yakuti mabowowo anali otulutsira madzi. Lero timabowo timathera m'chikopa chapamwamba, sitilowa mkati. Ndiye kuti munthu amalipira ndalama zambiri kugula ngalande zosatulutsa madzi, n'cholinga choti azioneka ngati mlimi wa dziko limene sanapondeko. Ngati yanu ili ndi bowo lenileni, lolowetsa madzi ndi timiyala, musaitche bulogi pagulu. Imeneyo yangotha.

Mphuno ya nsapato ndiyo imakuuzani kuti yatsika masitepe angati. Pamwamba pali mphuno yosalala, kapena yodulidwa ndi msoko umodzi wowongoka ngati kapu. Okisifodi yakuda ya mphuno yotere ndiyo imapita ku khoti, ku maliro ndi kofunsira ntchito. Timabowo tikangotsatira msoko wowongokawo, ndi kota ya bulogi, ndipo ikhoza kulowabe mu ofesi. Tikawonjezeka kaduwa ka timabowo pakati pa mphuno, yafika theka. Koma msoko ukapindika ngati chilembo cha W, mapiko ake n'kuyenderera m'mbali, imeneyo ndi bulogi yathunthu, ndipo malo ake ndi Loweruka ndi jekete yofiirira. Pansi pa onsewa pali lofa, yopanda zingwe, yomwe mumangolowetsa phazi, ndipo mphuno yake nthawi zambiri imakhala ndi msoko wozungulira ngati chilembo cha U. Dzina lake ndi pachibale ndi lova wathu yemwe uja wokhala pa khonde la golosale, ndipo Azungu eni ake sanabise kuti ndi nsapato ya munthu wosafuna kuwerama. Kampani ya G.H. Bass ya ku Amereka inatulutsa yake mu 1936 potengera nsapato za anthu a ku Norway, yokhala ndi kalamba kong'ambidwa pakati momwe ophunzira ankabisamo kakobiri. Mu 1953 Gucci wa ku Italy anaikapo kachitsulo konga kamene amaika m'kamwa mwa hatchi, ndipo kuyambira pamenepo ulova unakwera mtengo.

Zonsezi ndi nkhope chabe, ndipo amene amagula ndi ndalama zake atembenuze nsapato aone soli. Pali njira zitatu zikuluzikulu zoigwirizira. Yodula ndi imene makina ake anadziwika ndi dzina la Charles Goodyear wamng'ono cha m'ma 1869: kalamba kachikopa kamasokedwa kuzungulira nsapato, ndiyeno soli imasokeredwa pa kalambako. Soli ikatha, wosoka nsapato amadula ulusi n'kuika ina popanda kuvulaza chikopa chapamwamba, ndipo madzi salowa wamba. Yachiwiri ndi ya Blake, momwe ulusi umaboola kuchokera mkati mwa nsapato mpaka pansi. Mukakweza kansalu kopondapo mumauona ulusiwo. Nsapato yake imakhala yopepuka ndi yopindika bwino, koma pa dzinja madzi amakwera ndi ulusi kudzapereka moni ku masokosi. Yachitatu ndi guluu, yomwe tsiku lina, kawirikawiri pa ukwati, imatsegula pakamwa n'kuyamba kuseka. Opanga za guluu ndi ochenjera, amamata kalamba konamizira kokhala ndi ulusi wongojambula. Kuti muwagwire, yerekezani ulusi wa pamwamba pa kalamba ndi wa pansi pa soli. Pa yeniyeni ndi ulusi wa msoko umodzi, choncho mipata yake imafanana. Pamwamba pakakhala timisoko tating'ono tothithikana koma pansi totalikirana, wina akukunamizani. Pansi pakakhala posalala musafulumire kuweruza, chifukwa nsapato zina zodula zimabisa msoko m'chikopa cha soli. Apo kandani ulusi wa pamwamba ndi chikhadabo, mumve ngati ndi ulusi kapena ndi pulasitiki youmbidwa pamodzi ndi kalambako.

Tiyese pa nsapato imodzi. Mnyamata wa pa kaunjika wakupatsani yofiirira, yowala, ndipo akuti, "Bwana, iyi ndi okisifodi yeniyeni, ya mabwana okhaokha." Musamutsutse msanga, poti mtengo sunakambidwe. Masulani zingwe. Makutu atambasuka mpaka kumunsi, ndiye kuti ndi dabi, ndipo digiri yagwa. Mphuno ili ndi W, timabowo tazungulira, kaduwa kali pakati: bulogi yathunthu. Mapiko a W uja sanatsikire ku soli pakati pa phazi koma ayenda mpaka kukakumana ku chidendene, kalembedwe kamene Aamereka amakonda. Malinga ndi lamulo lathu, iyi ndi nsapato yotsika pa zonse za zingwe. Tsopano itembenuzeni. Soli ndi yochindikala, msoko wa pansi ukugwirizana ndi wa pamwamba, ndipo mkati mulibe ulusi. Apa mwakumana ndi vuto, chifukwa nsapato imene mwainyoza katatu ndiyo yolimba pa mulu wonsewo, yoti isinthidwa soli kangapo pamene okisifodi yaguluu yoyandikana nayo itatha kale. Nenani mokweza kuti ndi nsapato ya alimi, mudandaule za timabowo, mubweze pansi, muyende masitepe atatu. Akakuitanani n'kutsitsa mtengo, lipirani musanayambe kumwetulira.

Chotsutsa chomaliza ndi champhamvu, ndipo sitichibisa. Malamulowa anapangidwira misewu ya miyala ya ku London, pomwe kuno munthu akatsika minibasi n'kuyenda mphindi khumi, okisifodi, dabi ndi lofa zonse zimasanduka mtundu umodzi wa dothi lofiira. N'zoona, ndipo soli yachikopa imene anthu amaitama imaterera pa simenti yopaka polishi ngati mlamba, moti ya labala ndiyo imakufikitsani ku guwa muli chiimire. Koma fumbi silifafaniza udindo, limauonetsa. Okisifodi yosalala imayera ndi kansalu kamodzi pakhomo la ofesi, pamene bulogi yathunthu imasunga fumbi ndi polishi wouma m'kabowo kalikonse, ndipo imafuna mswachi wakale ndi theka la Lamlungu. Amene mwagula ya timabowo ija pa mtengo wabwino, musataye mswachi wanu ukatha.