Mphatso Yoyamba ndi Bwalo Lomwe Limaizenga Mlandu

Mphatso yoyamba imene mnyamata wa m'tauni amapereka kwa mtsikana yemwe wangomulola kumene silandiridwa ndi munthu mmodzi, chifukwa dzuwa lisanalowe imakhala itaonekera pamaso pa bwalo la oweruza, lomwe mamembala ake ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, achemwali ake, mayi wa pasaluni, komanso alandilodi aakazi amene amaona chilichonse cholowa pageti. Bwaloli silifunsa ngati mphatsoyo ndi yokongola, koma limafufuza mtengo wake, kumene yagulidwa ndi chimene wopereka akutanthauza, ndipo chigamulo chake chilibe apilo.

Gwero la vutoli ndi chikole, chomwe pa mwambo ndi kanthu monga mikanda, nsalu kapena ndalama, kamene mnyamata amapereka kwa mtsikana posonyeza kuti mawu ake ofunsira si achibwana ndipo akuluakulu amva posachedwa. Anthu a m'tauni anaiwala zambiri za mwambowu, koma sanaiwale kawerengedwe kake, kotero kuti chinthu chilichonse chimene chingasungidwe m'sutikesi ndi kuonetsedwa kwa azakhali chimatha kusanduka chikole mwini wake asakudziwa.

Chitenje ndicho chimaonetsa bwino msampha umenewu. Mnyamata amene chibwenzi chake sichinathe ndi mwezi womwe amalowa mumsika wa Limbe ali ndi maganizo abwino, poti chitenje sichifuna kudziwa saizi ya munthu monga nsapato, ndipo wogulitsa amamutsimikizira kuti alamu akondwa. Akagula cha mamita 2, chomwe ndi chongomanga m'chiuno, bwalo limagamula kuti mnyamatayo akuona mtsikanayo ngati munthu wosesa pabwalo m'mawa ndi wokatunga madzi pampopi, kapenanso kuti akudandaula mobisa za masiketi ake aafupi. Akagula nsalu yathunthu yokwana kusoketsa diresi ndi duku, mlandu umakula, pakuti telala amafunsa tsiku la chinkhoswe, ndipo nsalu ikatsala pang'ono pamabwera maganizo osokera mnyamatayo malaya ofanana, chomwe m'tauni ndi chilengezo choposa cha m'tchalitchi. Palinso mayeso a m'beseni: achemwali amanyika ngodya ya chitenjecho m'madzi a sopo, ndipo madziwo akasintha mtundu, chikondi chonse chimaweruzidwa kuti nacho chisuluka. Chitenje cha chipani chomwe mnyamata anachilandira ulere pamsonkhano sichifunika n'komwe kuzengedwa mlandu.

Mphatso zina zimagwa msanga. Sopo ndi perefyumu zimadzutsa funso lakuti kodi mnyamatayo wamva fungo lanji, pomwe poto, mthiko ndi chipande ndi ziwiya zoperekedwa pa chinkhoswe ankhoswe a mbali zonse akuona, moti wozipereka yekha m'jumbo walumpha amalume ake. Maluwa, omwe amachuluka pa 14 Febuluwale, amakondweretsa wolandira kwa tsiku limodzi, koma azakhali amawadziwa ngati nkhata za pamaliro ndipo amafunsa kuti wamwalira ndani. Foni imaoneka ngati ulemu waukulu, komabe bwalo limadziwa kuti wogula foni amadziona ngati wagulanso ufulu wofunsa amene waimba usiku, ndi kuti chibwenzi chikatha amatuma mng'ono wake kukaitenga, pamodzi ndi tchaja.

Ndalama zotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zili ndi lamulo lakelake, lotchedwa yochotsera, yomwe ndi kandalama kowonjezera kolipirira kutapa ndalamazo kwa ejenti. Woiwala yochotsera amalembedwa m'kaundula wa anthu oumira, pamene woikumbukira amakhala wakhazikitsa malipiro a pamwezi, chifukwa mwezi wotsatira ukadutsa foni ili chete, amafunsidwa ngati pali chimene chalakwika. Mtsikana wopereka mphatso nayenso sapulumuka, pakuti akagula malaya anzake a mnyamatayo amati wayamba kale kumulamulira, ndipo akagula lamba amafunsa kuti saizi ya m'chiuno anaidziwa bwanji.

Zonsezi zikusonyeza kuti ngozi ya mphatso yoyamba imakula molingana ndi nthawi imene mphatsoyo ingakhale isanathe, popeza chinthu chokhalitsa chimasanduka umboni, ndipo umboni ndiwo chakudya cha bwalo. Pa chifukwa chimenechi, mphatso yokhayo yosalakwika ndi tchipisi cha pachiwaya, chothira kabichi, mchere ndi tsabola, pambali pake ntchafu ya nkhuku ndi Fanta wozizira, zodyera pomwepo awiriwo ataimirira, botolo n'kubwezedwa kwa mwini wake. Oweruza amangomva nkhani yake, ndipo mlandu wopanda umboni amauthetsa, ngakhale kuti mayi wa pasaluni amafunsabe ngati nkhukuyo inali ntchafu yeniyeni kapena chipalapasiro.