Anaphiri akwezedwanso pantchito

Pakhomo pathu pali mmodzi yekha amene amakwezedwa pantchito chaka ndi chaka, ndipo si ine. Ndi Anaphiri, Korola yanga yokalamba ija imene m'mawa wa mu Juni siilira mpaka ana a aneba aikankhe. Chaka chatha a inshuwalansi ankati Anaphiri ndi a K8 miliyoni. Kalata ya chaka chino ikuti afika pa K12 miliyoni, choncho pulimiyamu yachoka pa K480,000 kufika pa K720,000. Sanagunde munthu, sanagundidwe, ngakhale nkhuku amaipatukira.

Ndinapita kukafunsa kuti Anaphiri digiri anaitenga liti. Mayi wa pakauntala anandiyankha mwaulemu wopweteka: "Bambo, peresenti yanu sitinaikhudze, ikadali 6. Chakwera ndi mtengo wa galimoto."

Apa mayiyo sananame. Pa kompulehensivu, imene imalipira ngakhale galimoto yako yomwe ikawonongeka kapena kubedwa, pulimiyamu imawerengedwa pa mtengo wa galimotoyo lero. Galimoto ndi masipeya timaitanitsa kunja ndi madola, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyali ndi bampa ya Anaphiri zinakwera iwo ali chigonere pansi pa mtengo wa mango. Komanso ndalama zathu tonse zimathiridwa m'thumba limodzi: ena akachuluka kugundana, bilu ya kugalaja timagawana ndi ife oyenda ngati tili pamaliro.

Mayi a kunyumba anati tingowatsitsa udindo Anaphiri, tilembetse K8 miliyoni yomwe ija. Nzeru yokoma mpaka tsiku limene akuba adzawatenge. Kampani sidzapereka zoposa zimene munalembetsa, ndipo K8 miliyoni siigulanso Anaphiri ena. Kuwakweza mopitirira n'kutayanso ndalama, chifukwa amalipira mtengo wa pamsika, osati wa mumtima mwanu. Ngati mtengo wawo mukuukayikira, kawonetseni galimoto kwa odziwa kuyesa mitengo, mubwere ndi pepala.

Pamene pali ponenerera ndi pa peresenti paja. Ndinafunsa za kuchotsera kumene amapatsa munthu amene chaka chatha osapempha chipukuta misozi. Mayi uja anasuzumira pakompyuta, n'kutsokomola, n'kupeza kuti 10 peresenti yanga inalipo, inangoiwalika. Bilu inatsika kufika pa K648,000. Anaphiri anapatsidwa chenjezo loyamba.

Kenako ndinatenga makotesheni kwina kudzera kwa buloka, amene komishoni yake imachokera kukampani. Ina inati 5 peresenti, K600,000. Ndinatsala pang'ono kuvina, koma m'munsi munali timalemba tofuna magalasi: ekisesi, ndalama imene umayamba walipira wekha pakachitika ngozi, inali yowirikiza. Choncho musayerekeze mitengo yokha. Onani ekisesi, onani malire a ndalama imene adzalipire mukagunda galimoto ya wina, onani ngati windisikirini ilimo, ndiponso ngati amalola aliyense kuyendetsa. Mukalembetsa oyendetsa awiri okha, kapena mukavomera ekisesi yokulirapo imene mungaikwanitsedi, makampani ena amatsitsako. Kwathu izi zachotsa mlamu wanga pampando, phindu limene silinalembedwe pa kotesheni.

Pepala la K600,000 lija ndinakaliyala pakauntala ya kampani yanga. Bwana amene anali "pamsonkhano" anatulukira pompo, msonkhano utatha mozizwitsa, ndipo tinagwirizana pa mtengo womwewo ekisesi osaikhudza.

Apa ndiye nthabwala zithe kaye. Ngati mtengo umenewu unalipo, n'chifukwa chiyani amadikira kuti munthu aopseze kuchoka? Kasitomala wokhulupirika, amene amalipira osafunsa, ndi amene amalipiritsidwa zambiri. Uthenga wokumbutsa kulipira umafika msanga, koma pa chipukuta misozi foni imangoitana. Uku si kugwa kwa kwacha, ndi khalidwe.

Akakana kutsitsa, samukani, koma mwadongosolo. Pemphani kalata yosonyeza zaka zimene simunapemphe chipukuta misozi kuti kuchotsera kwanu kukutsateni. Kampani yatsopanoyo muiuze zoona za ngozi zakale, chifukwa bodza limadzawapatsa chifukwa chokanira kulipira. Samukani pamene chaka chikutha, poti mukachoka pakati, ndalama yobweza amaidula. Inshuwalansi yatsopano iyambe tsiku limene yakale ikutha: yoteteza anthu ena pamsewu ndi lamulo, ndipo apolisi a pa rodibuloko sadziwa za maudindo a Anaphiri. Kampani ikakuzunguzani pa kulipira, dandaulo limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu ya Malawi.

Kalata yanu ikafika, musathamangire kulipira. Yambani kufunsa makotesheni kukadali mwezi wathunthu, muwerenge ndi timalemba ta m'munsi tomwe.