Layini ndi yanga, koma dzina ndi la alamu

Foni yanga ndi ya mabatani, yomangidwa ndi kamphira kuti batire lisagwe, choncho ikasiya kugwira ntchito sindithamangira kuimba mlandu munthu. Itakana kuimba Lolemba lija ndinachita zonse zomwe tinaphunzira kwa makolo: kuzimitsa, kuchotsa batire, kupukuta simukhadi pa malaya, kuiuzira mpweya, kenako kukwera pachulu. Mayunitsi analimo. Timizere ta netiweki tinali todzaza. Mnzanga atayesa kundiimbira, foni inalira bwinobwino. Koma ine ndikati ndiimbe, mayi wa m'foni uja amandiuza mwaulemu kuti sindikuloledwa.

Apa ndi pomwe munthu wanzeru amadziwira kuti vuto si foni. Ngati mayunitsi alimo, netiweki ilipo, ndipo simukhadi ya mnzako ikugwira ntchito m'foni yomweyo, ndiye kuti layini yatsekedwa ku kampani. Ine ndinazindikira zimenezi nditalipira kale wokonza mafoni pamsika, yemwe anandisinthira sipikala yosalakwa.

Mauthenga ochenjeza anali atabwera, sindikana. Koma anabwera pakati pa mauthenga ena ondiuza kuti ndawina galimoto, ndipo onse ndinawafufuta pamodzi mosakondera.

Gwero la nkhaniyi ndi chaka cha 2018. Mukukumbukira kuti bungwe la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe pa dzina la mwini wake, potsatira lamulo la zamtokoma la 2016, ndipo tsiku lomaliza linali 30 Sepitembala. Ziphaso za unzika zinali zitangobwera kumene, poti kalembera wamkulu wa bungwe la NRB anachitika mu 2017. Ine, monga Mmalawi weniweni, ndinadikira sabata yomaliza. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, chiphaso changa chili kunyumba m'Baibulo. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, anali kutsogolo kwa mzere. Ndinawapatsira simukhadi yanga n'kunena kuti, "Alamu, ingolembetsani pa dzina lanu, tidzakonza." Mawu akuti tidzakonza aja anakhala zaka.

Ku ofesi ya kampani ya foni ndinalowa nditanyamula zonse zomwe ndinaganiza kuti zikutsimikiza kuti ndine munthu: khadi ya ubatizo, buku la kuchipatala, ndi fotokope ya chiphaso yomwe nkhope yanga inatuluka yakuda bii. Mtsikana wa pa kauntala anaziyang'ana n'kundibwezera.

"Bambo, tikufuna chiphaso cha unzika chenicheni, osati fotokope. Mlendo wochokera kunja amabweretsa pasipoti. Layini ikakhala ya kampani, pamafunika kalata ndi mapepala olembetsera kampaniyo. Inu muli mbali iti?"

Ndinati ndili mbali ya anthu osauka. Sanaseke.

Atalowetsa nambala yanga m'makina, anandiitana ndi dzina la alamu. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Anandifotokozera kuti zomwe zinalembedwa tsiku lija zinali zoperewera: dzina ndi nambala ya chiphaso zinalowa, koma chithunzi cha chiphaso chinali chosawerengeka, ndipo cha nkhope ya mwini panalibe. Makampani akamapenda kaundula wawo, malayini otere ndi omwe amayamba kutsekedwa. Ena amatsekeredwa chifukwa dzina la pa simukhadi likusiyana ndi la pa chiphaso, mwina chilembo chimodzi chokha, ena chifukwa netiweki inaduka ejenti asanamalize kutumiza. Ine wanga unali mlandu wawiri. Kulembetsa kunali kosamaliza, ndipo kosamalizako kunalinso kwa munthu wina.

Ndinayesa kukambirana. Ndinati simukhadi ndi iyi, ili m'manja mwanga, ndinaigula ndekha ndi ndalama ya fodya. Anandiyankha kuti wakuba foni nayenso amakhala nayo m'manja. Kwa iwo mwini layini ndi amene chiphaso chake chili m'makina. Kuti layini ibwere pa dzina langa, tibwere tonse awiri, aliyense ndi chiphaso chake, alamu avomereze pamaso pawo kuti akundisiyira nambalayo.

Tsono alamuwa ndinali nawo ndi ngongole ya matumba awiri a fetereza, ndipo kwa miyezi ndithu ndinkawauza kuti netiweki kwathu ikuvuta. Ndinapita kwawo wapansi, poti kuimba sindikanatha. Anandilandira bwino kwambiri, zomwe zinandiopsa. Atamva nkhani yonse anatsamira pampando n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti ndalama zomwe zili m'foni mwanumo, pa malamulo, ndi zanga?"

Funsoli silinali lopusa. Akaunti ya ndalama za pafoni imayendera dzina lomwe lili pa layini, ndipo nthawi zonsezi anthu akamanditumizira ndalama amaona dzina la alamu, ine n'kumawauza kuti ndi dzina langa la kumpingo. Ndalamazo sizitha chifukwa layini yatsekedwa, zimakhalamo ndithu, koma amene angaziyankhulire pa kauntala ndi mwini dzina. Tinagwirizana kuti thumba limodzi ndibweza pamwezi, ndipo ndalama ya minibasi ndi fanta ya paulendo ndi zanga.

Kenako alamu anafufuza m'chikwama, m'jekete la ukwati, pansi pa matiresi. Chiphaso chawo chinasowa. Ichi ndiye chimatalikitsa nkhani kwa ambiri, chifukwa kampani ya foni sipanga ziphaso. Wotaya chiphaso amayamba wapita kupolisi kukatenga kalata, kenako ku ofesi ya NRB ya m'boma lake kukalemba fomu ndi kulipira, n'kudikira kuti china chituluke. Amene sanalembetsepo n'komwe, ngati wakwanitsa zaka 16, amayambira pa fomu yoyamba ndi umboni wa kwa mfumu. Ndili mkati mowerengera kuti zonsezi zigwera thumba la ndani, akazi awo anachitulutsa m'chitini cha shuga momwe anachibisa kuopa ana.

Ntchito yeniyeniyo, titafika pa kauntala, inali yaifupi mochititsa manyazi. Anatenga simukhadi n'kuwerenga manambala olembedwa pamsana pake. Anaunika kachidindo kamadonthomadontho ka kuseri kwa chiphaso cha alamu, kenako changa. Anandifunsa manambala omwe ndimaimbira kawirikawiri ndi mayunitsi omwe ndinathira komaliza, pofuna kutsimikiza kuti layini ndimaigwiritsa ntchito ndine. Nambala ya mayi a kunyumba ndinailakwitsa, ya wogulitsa kanyenya ndinaitchula osapumira, alamu akumva. Anatijambula aliyense payekha, chipewa chovula, tinasaina, ndipo anandiuza kuti ndisachoke mpaka uthenga wotsimikiza utalowa. Uthengawo ndiwo umboni kuti zalowadi m'makina. Mu 2018 palibe mmodzi wa ife anaudikira. Anawonjezera kuti ndachita mwayi kubwera msanga, chifukwa nambala ikagona nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina.

Tisananyamuke ndinapempha kuti andiwerengere manambala onse omwe ali pa chiphaso changa, poti ndinamva kuti pali maejenti ena osakhulupirika omwe amalembetsa masimukhadi ambiri pa chiphaso cha munthu mmodzi, ndipo nambala yotere ikabera anthu apolisi amagogoda kwa mwini dzina. Ndinkayembekeza kumva imodzi yokha. Anawerenga ziwiri. Yachiwiriyo alamu anaizindikira ine ndisanatsegule pakamwa: ndi ya mayi awo, apongozi anga, yomwe ndinawagulira chaka chatha pofuna kuoneka mkamwini wabwino. Nayonso akuti chithunzi chake sichikuoneka.

Apongozi amakhala kuseri kwa phiri, minibasi sifika, ndipo alamu anawaimbira tili pakhomo pomwepo.