Batire langa la theka

Kwathu kuno ku Mandimba mphezi ikangong'anima chakumapiri a ku Chiponde, amayi amayamba kufufuza machesi, chifukwa magetsi ndi mvula sizimwerana madzi. Ine ndinatopa ndi makandulo. Mwezi wa Epulo ndinakwera chapa wa ku Cuamba, n'kubwerako ndi invata komanso batire lalikulu la mtovu ndi asidi, lolemera makilo pafupifupi 30. Kondakitala analilipiritsa ngati munthu, ndipo sindinakangane naye, poti pambali pake panalembedwa zinthu zaulemu: `12V 100Ah`.

Masamu ndinawachitira m'chapa momwemo. Ukachulukitsa 12 ndi 100 umapeza 1,200, ndiye kuti batire likhoza kupereka mawati 1,200 kwa ola limodzi, zimene amisiri amalemba kuti `1,200 Wh`. Kunyumba kwanga TV, dikoda, mababu anayi ndi fani zimadya mawati 150 zonse pamodzi. Kugawa 1,200 ndi 150, yankho ndi maola 8. Pofika kunyumba n'kuti ndikudzimva ngati mwini wake wa damu la Cahora Bassa. Ndinalengeza kwa aneba onse kuti mdima ukadzagwa azibwera kwanga, mipando yokha azitenga.

Usiku woyamba invata inayamba kulira ngati mwanapiye patangodutsa maola 5 ndi mphindi zochepa. Mayi a kunyumba anafunsa kuti, “Bambo a ana, maola atatu enawo mwawasiya ku Cuamba?” Ndinawayankha kuti batire likadali lachilendo, silinazolowere nyengo ya kuno. Kuyambira pamenepo, magetsi akazima ndinkalikama mpaka invata italira n'kudzizimitsa yokha. Ndimati ndalama ndinalipira yonse, mphamvunso ndimwa yonse.

Maola 5 aja anasanduka 4, kenako 2. Pofika Novembala, tsiku limene a Mambas ankasewera mpira, nyumba itadzaza mpaka ana kukhala pawindo, batire linakomoka chigawo choyamba chisanathe. Mkulu wina ananyamula mpando wake mwakachetechete, n'kundiuza kuti, “Achimwene, wailesi yanga ya mabatire a tochi sinandichititsepo manyazi otere.”

Ndinabwerera nalo ku Cuamba, makilomita pafupifupi 150, kondakitala n'kulilipiritsanso. Cholinga changa chinali kukalalata. Koma ndisanafike kusitolo ndinapatukira kwa amisiri ena okalamba okonza mainvata, kuti andipatse umboni woti anandigulitsa chinthu chakufa. Iwo anagunditsa timawaya ta kamita kawo pamitu ya batire, n'kundiyang'ana ngati sing'anga amene wadziwa kale mfiti.

“Bambo, mumalizimitsa likafika pati?”

“Limazima lokha,” ndinatero monyadira.

“Ndiye mwalipha ndinu.”

Anandikhazika pa kreti n'kuyamba kundiphunzitsa masamu anga omwe. Batire la mtovu, anatero, ukalifuna kuti likhalitse umamwako theka lokha. Pa 1,200 paja, zanga zinali 600. Invata nayonso sigwira ntchito yaulere: posandutsa mavoti 12 kukhala 220 imadyapo pafupifupi 15 pa 100 alionse, ndiye zofika pa TV ndi 510. Kugawa ndi 150, maola atatu ndi mphindi ngati 25. Ndiwo anali malire anga, ine n'kumaitana mudzi wonse kuti udzachezere usiku.

Ndinafunsa za theka linalo, poti nalonso ndinagula. Anati lilipo, koma ndi la katapila: ukatenga lero, umabweza ndi moyo wa batire. Likamatsika, pa mbale za mtovu za m'katimo pamamera zoyera zotchedwa salifeti. Ukalitchaja msanga mpaka kudzaza, zoyerazo zimasungunuka. Koma ukalikama mpaka pansi, n'kuligoneka lanjala, magetsi n'kubwera maola awiri okha n'kuzimanso, zimauma gwa ngati chikhokho cha mumphika, ndipo malo osungira mphamvu amachepa mpaka kalekale. Kulira kwa invata kuja, kumene ine ndinkakuyesa belu loweruka, kumabwera pa mavoti ngati 10.5, batire litatheratu. Kumeneko n'kulira kwa maliro.

Ngakhale 100 wolembedwa pambali uja ali ndi mawu ake ang'onoang'ono. Amamuyeza pokoka maampu 5 okha kwa maola 20. Ine ndinkakoka pafupifupi 15, ndipo batire la mtovu ukalikoka mwaphuma limapereka zochepa, mwina 80. Apo, kuphatikiza zimene invata imadya zija, ndi pamene panathawira maola atatu amene mayi a kunyumba ankafunsa aja. Kuwonjezera apo, ndinaliika m'kachipinda ka malata kopanda windo kuopa akuba, osadziwa kuti kutentha kukakwera madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire lotere umadulidwa pakati. Amene anakhalako kuno mu Okutobala akudziwa kuti ndinkaliwotcha ngati chinangwa.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti alamu anga a ku Massangulo, m'boma la Ngauma, anali atandichenjeza. Iwo anagula la lithiyamu, lolembedwa `LiFePO4 12.8V 100Ah`, pamtengo woposa kawiri wa langa, ndipo ine ndinawaseka pamaso pa mlongo wanga. Ndinalinyamula ndi dzanja limodzi, makilo 12 okha, n'kunena kuti, “Alamu, akugulitsani bokosi la mphepo.” Chikhalirecho 100 wawo ndi wanga si pachibale. Lawo limasunga `1,280 Wh`, ndipo akhoza kumwa 80 pa 100 alionse tsiku ndi tsiku popanda kulivulaza. Zimenezo ndi 1,024, invata ikadyapo zake n'kutsala 870, omwe ndi maola pafupifupi 6 pa katundu ngati wanga. Kuti ndifanane nawo ndikanayenera kugula awiri, makilo 60, mipando iwiri m'chapa. Amisiri aja anawonjeza mchere pabala: la mtovu losamalidwa bwino limatsika ndi kudzazidwa maulendo mazana angapo, pamene la alamu limapitirira 2,000.

Kuti mtima ukhale pansi ndinapempha kuti anditchulireko zoipa za lithiyamu, ndikawauze alamu. Zilipo ndithu. Mavoti ake amangokhala cha pa 13 kuyambira lili lodzaza mpaka litatsala pang'ono kutha, choncho kamita sikakuuza zambiri. Likafika pamalire, kabolodi ka m'kati kotchedwa `BMS` kamadula kamodzi n'kamodzi, osatsanzika. Limafunanso tchaja yodziwa lithiyamu, osati iliyonse yotola pamsika. Nditakawauza zimenezi, alamu anangoti, “Kabolodi kameneko n'kamene kakanakutetezani kwa inu nomwe.” Mlongo wanga anaseka mpaka kutsamwa.

Mwina mukuganiza kuti ndinagula lithiyamu. Thumba linakana. Ndinagula lina la mtovu, pamodzi ndi kamita koyezera mavoti, ndipo malamulo ake ndinawalemba ndi makala pakhoma. Batire likapuma maola angapo, lopanda cholumikizidwa, 12.7 ndiye kuti ladzaza, 12.2 ndiye theka, ndipo pansi pa 12 ndiye kuti ndabwerera kwa katapila. Poti invata yanga yotchipayi silola kusintha malire ake, wotchi ndiye amalamula: maola atatu akakwana, ndimazimitsa ndekha. Fani ndinaichotsa pamndandanda, n'kupindula ola lina limodzi ndi thukuta lambiri. Kamita ndi wotchi amasunga ndi mayi a kunyumba, akuti ine mbiri yanga ndi yoipa.

Batire lakale lija lili pakhonde, alendo amakhalira. Aneba anga okondedwa, mpira ukadzapita ku nthawi yowonjezera ndi mapenate, chonde mudzabwere ndi wailesi ya mkulu uja.