Kalata ya a Hedi ndi madesiki 40

Munthu amene ali nawe ngongole amakuzindikira uli kutali. Ku Tembwe, m'boma la Chama, a Hedi a pasukulu ina ataona mmisiri wa matabwa akutsika panjinga kutsogolo kwa ofesi, atapisira shati m'buluku tsiku la Lachiwiri, mtima unagunda. Anakumbukira K1,800 ija. Mmisiriyo anawakhomera madesiki 40 m'chaka cha 2022, pa mtengo wa K450 iliyonse. Komiti ya makolo inalipira K16,200 mwapang'onopang'ono, ina ndalama, ina matumba a mpunga, ndipo yotsalayo inakhala ikudikira kukolola kwa chaka chimene sichinafikebe.

Koma tsikulo mmisiri sanabwerere ngongole. Anabwerera chinthu chovuta kupempha kuposa ndalama: kalata yomuchitira umboni.

Njala ya makalata otere inakula m'chaka chomwecho cha 2022, pamene boma la Zambia linakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera lililonse, n'kulengeza kuti mwana asakhalenso pansi m'kalasi. Madesiki anasanduka malonda a tenda. Aliyense wokhala ndi sowo ndi pulena anayamba kulota khonsolo ya Chama, ndipo ambiri anatulukira kuti manja odziwa ntchito salowa mu envulopu. Mumalowa mapepala: chiphaso cha PACRA chosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa, nambala ya msonkho ya TPIN ndi chikalata cha ZRA chotsimikiza kuti mulibe mlandu wa msonkho, ndiponso, tenda ikafuna, umboni woti ntchito yofanana nayo munaigwirapo kale. Zoyambazo zimatuluka m'maofesi. Chomalizachi chimatuluka mumtima mwa kasitomala wakale, ndipo mtima ulibe maola otsegulira.

Munthu woleredwa bwino safikira pa mfundo. Mmisiri anafunsa za kunyumba, za chifuwa cha amayi, za njovu zimene zinalowa m'munda wa mpunga kudambo. A Hedi anayankha chilichonse motalikitsa, uku akulowetsamo mavuto a sukulu ngati mchere m'ndiwo: makolo sakusonkha, choko chatha, denga la giredi 3 likudontha. Anali kumanga linga lotchinga K1,800, pamene mnzawo amafunafuna khomo la nkhani ina.

"A Hedi, ndabwera ndi kapempho kakang'ono."

"Amisiri, mwezi uno zinthu..."

"Ayi, ndi kakalata chabe."

Nkhope ya a Hedi inawala ngati nyali yathiridwa mafuta. Kalata? Ngakhale ziwiri! Anaitanitsa mpando wabwino ndi madzi akumwa, n'kulonjeza kuti pofika Lachisanu zikhala zatheka.

Kalata ya Lachisanu inali yokoma kwambiri moti ikanatha kuwerengedwa pamaliro. Inanena kuti mmisiriyu ndi munthu woopa Mulungu, wa banja limodzi, wosamwa mowa, waulemu kwa akulu ndi ana omwe, ndipo bambo ake analinso munthu wabwino. Mawu oti desiki munalibe. Palibe chinyengo apa. A Hedi analemba kalata imene amaidziwa, yotumizira mwana kukoleji kapena mpongozi kuntchito, chifukwa kwathu kuno kuchitira munthu umboni ndiko kunena za khalidwe lake. Koma komiti younika tenda siikufuna mkamwini. Ili ndi pepala la mizere, ndipo mzere uliwonse ukufunsa chinthu chowerengeka: anagwira ntchito yanji, zinthu zingati, za ndalama zingati, kuyambira liti mpaka liti, anamaliza pa nthawi yake kapena ayi, ndipo wolemba kalatayu ndani, tingamupeze pa nambala iti. Kalata yosayankha mafunso amenewa amaiwerenga, amamwetulira, n'kuiika pambali. A ngongole za bizinesi, monga za CEEC kapena za CDF yomweyo, akapempha umboni wotere amafunanso zomwezo, poti chimene akuyeza n'chakuti bizinesiyo imalowetsadi ndalama.

Kubweza kalata ya munthu wamkulu ndi luso lapadera. Sunganene kuti yalakwika. Mmisiri anati kalatayo ndi yabwino zedi, kungoti anthu a ku Boma ndi ovuta, sadziwa kuyamikira Chingerezi chakuya, amafuna manambala ngati ana a giredi 2. Kenako anatulutsa kapepala kamene mphwake, mwana wa mlongo wake amene anamaliza giredi 12, anamulembera, kokhala ndi zonse zofunika. A Hedi anakalandira ndi zala ziwiri. Kulemberedwa zoti ulembe ndi mwana amene unamukwapulapo wekha si chinthu chomeza msanga, komabe anameza.

Kalata yachiwiri inali ndi madesiki 40, K18,000, mwezi woyambira ndi womalizira. Inagwa pa dzina. Inatchula mmisiri ndi dzina la pa chitupa chake cha NRC, pamene mapepala ena onse mu envulopu anali ndi dzina la bizinesi limene analembetsa ku PACRA mu 2023, dzina lalitali lonunkhira Lusaka. Kwa wounika amene sanafikepo ku Tembwe, amenewo ndi anthu awiri osiyana. Ndipo kungosintha n'kulemba kuti bizinesiyo ndiyo inakhoma madesiki mu 2022 kukanakhala koipa kuposa, popeza chiphaso cha PACRA chili ndi tsiku lake: bizinesi ikanaoneka kuti inagwira ntchito isanabadwe. Mankhwala ake ndi mzere umodzi woona, wonena kuti ntchito inagwiridwa ndi uje, amene tsopano akuchita malonda m'dzina lakuti. Mzere umenewo unadya ulendo wachitatu wa njinga.

Kenako chidindo. Kalata ya sukulu yopanda chidindo ndi pepala wamba limene aliyense angalembe pansi pa mtengo wa mango. Chidindo chinali m'dirowa, kiyi wa dirowa anali m'thumba la a Depyute, ndipo a Depyute anali ku Boma kukatapa malipiro, ulendo umene nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzaza, umakhala ndi tsiku lonyamukira lokha. Atabwera Lolemba, inki inapezeka itauma. Anaithira timadontho ta madzi, a Hedi anauzira chidindo mpweya wa m'kamwa monga amachitira onse odziwa ntchitoyi, n'kuchikanikiza ndi manja awiri. Mmisiri anayang'anitsitsa tsiku la pachidindo kuti lifanane ndi lapamwamba pa kalata, chifukwa kagudumu ka mwezi kamaiwalika kutembenuza. Anapemphanso, mwaulemu wonse, kuti a Hedi akaona nambala yachilendo masabata akubwerawa aziyankha. A Hedi ali ndi chizolowezi chosayankha manambala achilendo, pa zifukwa zimene mmisiri akuzidziwa bwino kuposa wina aliyense.

Anatsazikana pakhomo, nkhuku ya chithokozo italowa kale kukhitchini kwa a Hedi. Mmisiri anakaiwerenga bwino kalatayo ali ku Boma, pamzere wa fotokope, kutatsala maola awiri kuti bokosi la tenda litsekedwe. Zonse zinalimo: dzina, madesiki 40, K18,000, chidindo chofiirira. Pansi penipeni, pamwamba pa siginecha, a Hedi anawonjezerapo mzere wawo umene sunali pa kapepala ka mphwake uja. Unanena kuti sukulu inakhutira ndi ntchitoyo ndipo inalipira ndalama zonse.

Mtsikana wa pamakina anafunsa kuti makope angati. Mmisiri anawerenganso mzerewo, anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kunena kuti atatu.