Mandela Wagwira Ntchito m'Tauni Muno

Masamu amene anthu ankawathawa ku pulayimale abwerera kudzera ku saluni. Nkhani ili mkamwamkamwa ndi ya nambala ya dzina, imene akuti imaulula luso lomwe munthu anabadwa nalo. Amayi owotcha tsitsi akumasiya kasitomala ali chinyowere n'kumawerengera zilembo kuseri kwa lisiti.

Kawerengedwe kake si kovuta. A mpaka I amatenga 1 mpaka 9, ukafika pa J uyambirenso pa 1 mpaka R, kenako S ayambenso pa 1 mpaka Z amene amathera pa 8. Uwonkhetse zilembo za dzina lililonse palokha, uphatikize manambala a yankholo mpaka itsale imodzi, kenako uwonkhetse za mayina onse. Koma ukapeza 11, 22 kapena 33 usakhudze, akuti zimenezo ndi zikuluzikulu.

Mkangano unabuka ku babashopu, pomwe mphunzitsi wina wopuma anayesa njirayi pa Nelson Mandela. MANDELA ndi 4+1+5+4+5+3+1, zonse 23, ndiye 2+3 ndi 5. NELSON ndi 5+5+3+1+6+5, zonse 25, kutanthauza 7. Ukaphatikiza 7 ndi 5 upeza 12, imene imatsika n'kukhala 3, nambala ya anthu odziwa kuyankhula. Onse anagwedeza mutu: eya, mkulu uja pakamwa panali pothwa.

Wometa ndiye anasokoneza. “Aphunzitsi, mwalemba dzina la kusukulu,” anatero. Sananame. Mandela anabadwa mu 1918 ali Rolihlahla, ndipo la Nelson anapatsidwa ndi mphunzitsi wake atayamba sukulu, pamene lamulo la masamuwa likufuna dzina lonse lobadwa nalo. Anayambiranso. ROLIHLAHLA ndi 9+6+3+9+8+3+1+8+3+1, zonse 51, yotsika n'kukhala 6. Kuphatikiza ndi 5 uja, 11! Chipinda chonse chinaombera m'manja, poti 11 akuti ndi ya anthu a masomphenya. Mnyamata wina anaika mayina atatu onse, 6+7+5, n'kupeza 18, ndiye 9, nambala ya okonda mtundu wa anthu. Nayonso inavomerezedwa. Ine ndikuona kuti munthu ukamudziwa kale, palibe nambala imene ingamukane.

Ku depoti mavuto ndi ena. Wina akufunsa ngati ŵ wa kadenga aziwerengedwa 5 ngati w wamba, poti amene anakonza tebuloli ankangodziwa zilembo 26 za Chingerezi. Kondakitala wina akuti iye amatsata njira ya Akasidi, imene sipereka 9 kwa chilembo chilichonse, choncho mayankho ake sagwirizana ndi a ku saluni.

Amene ali chete kwambiri ndi abambo ena amene anabwereza Sitandade 8 ndi dzina la mng'ono wawo. Akawerengera la pa chitupa, luso likutuluka ndi la mng'onoyo, yemwe mpaka lero akulima fodya kumudzi.